Kukonza mawu a woyimba popanda kusiya zipsera: zimene ndaphunzira pa phatikizo limodzi

Pa maphunziro anga osakaniza nyimbo, mutu umene wanditengera nthawi kuposa yonse ndi wa kukonza mawu a woyimba amene waphonya noti pang'ono kapena walowa mochedwa. Zida zake si zachilendo. Auto-Tune inatuluka mu 1997, Melodyne inabwera patapita zaka zochepa, ndipo lero mapulogalamu ambiri ojambulira ali ndi zawozawo: Flex Pitch ndi Flex Time mu Logic, VariAudio mu Cubase, Elastic Audio mu Pro Tools. Kukoka noti ndi mausi aliyense angathe. Chovuta ndi kukoka mwakuti womvera asadziwe kuti panadutsa dzanja la munthu. Chimene ndachigwira tsopano n'chakuti phatikizo limodzi loyimbidwa lili ndi zigawo, ndipo chigawo chimodzi chokha ndicho chimalola kutambasulidwa kapena kukwezedwa: pakati pa vawelo, pamene liwu lakhazikika. Zina zonse zimafuna kusiyidwa mmene zilili.

Chifukwa chake chili m'mene zidazi zimagwirira ntchito. Munthu akamayimba vawelo, mawu ake amakhala mafunde obwerezabwereza ofanana. Noti ya A4 imabwereza ka 440 pa sekondi. Kuti italikitse vawelo, pulogalamu imabwereza ena mwa mafundewo, ndipo kuti ifupikitse imachotsako ena. Popeza funde lililonse likufanana ndi linzake, khutu silizindikira. Koma s, sh, f ndi mpweya wopuma alibe mafunde obwereza, ndi phokoso chabe. Mukalibwereza phokoso, mumalipatsa kabwerezedwe kamene linalibe, ndiye limayamba kulira ngati chitsulo. Makonsonanti ophulika monga t, k, p ndi ch ndi kugunda kumodzi kwachidule. Akatambasulidwa amamveka kawiri, kapena amafota n'kutaya mphamvu. Zipsera zambiri zimene ndakhala ndikumva m'ntchito za ophunzira anzanga zimachokera pamenepa, osati pa kuchuluka kwa masenti, timagawo tating'ono toyezera kukwera kwa noti, amene noti yasunthidwa.

Nditenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Nyimbo ikuyenda pa 90 BPM, mabiti 90 pa mphindi, kutanthauza kuti biti imodzi ndi mamilisekondi pafupifupi 667. Mzere ukuthera pa mawu akuti "chisomo", ndipo phatikizo la "so" lakokedwa pa A4. Pali mavuto awiri. "So" walowa mochedwa ndi mamilisekondi 60, ndipo notiyo yatsika ndi masenti 35. Semitoni imodzi, mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana a piyano, ili ndi masenti 100, choncho woyimbayo ali cha pa 431 Hz m'malo mwa 440 Hz. Pa noti yaifupi yongodutsa, zimenezi zikhoza kupita osamveka. Pa noti yokokedwa pamwamba pa piyano, zimamveka ndithu.

Ndimayamba ndi nthawi, noti pambuyo, ndipo zonse ndimachita pa mawu ouma, asanalowe mu kompuresa, yochepetsa kusiyana kwa mawu amphamvu ndi ofooka, kapena rivebu, yowonjezera kulira kwa chipinda. Funso loyamba ndi lakuti: n'chiyani kwenikweni chiyenera kugwera pa biti? Si chiyambi cha s. Khutu limamva kugunda kwa phatikizo cha pamene vawelo yayamba, ndipo woyimba waluso amayamba konsonanti biti isanafike. Mu chitsanzochi s akutenga mamilisekondi 110. Munthu akayika chiyambi cha s pa mzere wa giridi, mizere ya pulogalamu yosonyeza mabiti, pa sikirini zioneka zaudongo, koma o adzafika mochedwa ndi mamilisekondi 110, kuposa mmene analili poyamba. N'chifukwa chake sindikhulupirira batani lolumikiza mawu onse ku giridi nthawi imodzi. Kuchedwa kwa 60 kuja ndakuyeza kuchokera pa biti kufika pamene o wayamba.

Chachiwiri, ndisanatambasule chilichonse, ndimaona ngati mzere wonse sunachedwe. Kawirikawiri umakhala utachedwa. Tinene kuti maphatikizo onse a mzerewu ali m'mbuyo ndi mamilisekondi pafupifupi 35. Apa sipafunika chida chotambasulira. Ndimadula pamalo pachete mpweya usanakokedwe, ndimasunthira mzere wonse kumanzere ndi 35, ndi kuika kulumikiza kofewa kwa mamilisekondi 5 mpaka 10 podulapo. Mpweya umapita limodzi ndi mzere wake, chifukwa ukatsalira, mpata wa pakati pa kupuma ndi liwu loyamba umasintha ndipo zimamveka zachilendo. Kusuntha kotere sikusintha funde ngakhale limodzi, ndiye sikungasiye chipsera. Vuto la 60 latsala 25.

Mamilisekondi 25 otsalawo ayenera kuchoka penapake "so" asanafike, ndipo malo ake ndi vawelo ya i mu "chi". Ngati i akutenga mamilisekondi 250, kumufupikitsa kufika pa 225 ndi kuchotsa gawo limodzi mwa magawo 10, zimene zida zabwino zimachita mosamveka. Ndimaika chikhomo, chizindikiro chogwirira mawu powasuntha mu pulogalamu, chimodzi pamene ch wathera, china pamene s wayamba, china pamene s wathera. Zikhomo ziwiri zozinga s ndimazisuntha pamodzi, kuti s asamuke wathunthu ndi kutalika kwake kwa 110. Kenako, kuti "mo" akhale pamene anali, o amene anali 900 amatalika kufika 925. Kumeneko ndi kutambasula kosakwana magawo 3 pa 100, ndipo palibe angakumve. Taganizani kusiyana kwake munthu akanangogwira chikhomo chimodzi n'kukoka 60 yonse: i ndi s akanafinyidwa pamodzi, ndipo s akanalira.

Pa zida zimene zimakufunsani mtundu wa katambasulidwe, sankhani wa liwu limodzi. Mu Elastic Audio ndi mu Flex Time umatchedwa Monophonic. Mtundu wa Polyphonic unapangidwira zinthu zolira manoti angapo nthawi imodzi, ndipo pa liwu la munthu mmodzi nthawi zambiri umabweretsa kamvekedwe kamadzimadzi, ngati woyimbayo wabwerera m'mbuyo pang'ono m'chipinda.

Pali malire ena amene sindinkawaganizira ndisanaphunzire izi, okhudza kunjenjemera kwa liwu, vaiburato. Oyimba ambiri amanjenjemeretsa liwu ka 5 mpaka ka 7 pa sekondi. Mukatalikitsa noti, kunjenjemerako kumachedwa nawo. Vaiburato ya ka 6 pa sekondi ikatambasulidwa ndi magawo 25 pa 100 imatsika kufika pa 4.8, ndipo woyimba wachinyamata amamveka wotopa, ngakhale palibe phokoso lililonse lolakwika. Ngati noti ikufunika kutalika kwambiri, ndi bwino kutambasula gawo lowongoka lisanayambe kunjenjemera, kapena kutenga noti yomweyo pa kujambula kwina.

Tsopano noti. Pa sikirini "so" amaoneka ngati chinthu chimodzi, koma mukayang'ana kamzere kosonyeza mmene liwu layendera, muona zigawo zitatu. Poyamba liwu likukwera kuchokera pansi kukapeza noti. Pakati lakhazikika, masenti 35 pansi pa A4. Kumapeto, mpweya ukamatha, likutsika kufika mwina masenti 60. Pulogalamu imawerengera pakati pa noti poona zonsezi, ndiye nambala imene imakuonetsani siyenera kukhulupiriridwa mwachimbulimbuli. Ndimakonda kulekanitsa gawo lokwera lija kuti likhale palokha, kenako ndimakweza gawo lapakati ndi masenti pafupifupi 30, osati 35 yonse. Kusiya masenti 5 sikumveka ngati kuphonya, koma kumathandiza kuti noti imeneyi isaoneke yowongoka kuposa inzake imene sindinaikhudze. Noti imodzi yolondola kotheratu pakati pa manoti a umunthu imadziulula yokha.

Kutsika kwa kumapeto kuli ndi chida chake. Mu Melodyne, Pitch Drift imawongola kusochera kwa pang'onopang'ono, pamene Pitch Modulation imachepetsa kunjenjemera. Kusokoneza ziwirizi n'kumene kumapha mawu ambiri. Pa chitsanzo chathu ndingachepetse kusochera ndi theka, koma kunjenjemera sindikukhudza. Khutu limamva noti yonjenjemera cha pakati pa kukwera ndi kutsika kwake, choncho vaiburato yotambalala si kuphonya. Pa Auto-Tune yoyenda yokha, ntchito imeneyi ili pa Retune Speed: nambala ikayandikira 0, liwu limalumpha kuchoka pa noti kupita pa ina popanda kutsetsereka, ndipo ndiwo mawu a loboti aja amene ena amawafuna dala. Kutsetsereka kwa pakati pa manoti awiri ndi kumene kumatiuza kuti akuyimba ndi munthu. Ndikakweza noti, ndimayang'ananso polumikizira pake ndi "chi" komanso "mo", kuti kamzere kaja kapindike mofewa m'malo mothyoka.

Za mafomanti ndingonena mwachidule, chifukwa pa masenti 30 alibe vuto. Mafomanti ndi kamvekedwe kochokera ku kukula kwa kukhosi ndi m'kamwa, ndipo sasuntha woyimba akasintha noti. Chida chikawakweza pamodzi ndi noti, munthu wamkulu amamveka ngati kamwana. Zida zamakono zimawasunga, komabe mukadutsa semitoni imodzi kapena ziwiri liwu limayamba kusiyana ndi la mwini wake, popeza munthu sayimba noti yapamwamba ndi mphamvu yofanana ndi yapansi. Pamenepo ine ndimati ajambulenso.

Poyesa ngati zatheka, ndimamvetsera kaye pamodzi ndi zida zonse, chifukwa noti imalondola poyerekeza ndi piyano ndi besi, osati ndi giridi. Kenako ndimamvetsera mawu okha pa mahedifoni, ndikuyatsa ndi kuzimitsa chidacho, khutu lili pa s, pa ch ndi pa mpweya. Pomaliza ndimayatsa kompuresa ndi zowalitsa mawu, popeza zimakweza tizipsera timene timabisala mawu akakhala ouma. Ngati pali mawu achiwiri ojambulidwa kuti anenepetse oyambawo, sindiwawongola kufika pofanana ndendende. Pa A4, kusiyana kwa senti imodzi kumapanga kugundana kumodzi pa masekondi pafupifupi 4, ndipo mawu awiriwo amayamba kuzungulirana ngati akudutsa m'paipi m'malo momveka ngati anthu awiri.

Pali mawu ena amene njira yonseyi imakanika. Liwu losasa kapena lodzaza mpweya lili ndi mafunde osafanana, ndiye pulogalamu imalephera kudziwa noti yake, nthawi zina n'kuiika okitevi yolakwika, masemitoni 12 pamwamba kapena pansi, ndipo mukaikweza mumamva kuthetheka. Zikatero muyenera kukonza kaye kazindikiridwe ka noti mu pulogalamuyo musanasunthe kanthu, kapena kudula kachigawo kosasako kuti kasadutse m'chidacho n'komwe. Chimodzimodzi mawu ojambulidwa m'chipinda cholira kwambiri, kapena pamene nyimbo ya m'mahedifoni inalowa mu maikolofoni: mukakweza liwu ndi masenti 30, piyano yolowererayo imakwera nayo n'kuyamba kulimbana ndi piyano yeniyeni. Vuto limeneli limapewedwa pojambula, potsitsa mahedifoni a woyimba ndi kugwiritsa ntchito otseka bwino makutu.