Sabata ino gasitirini anatizunguza mutu ku kiliniki

Lolemba kunabwera bambo wina wa zilonda za m'mimba zosatherapo, ali ndi pepala la ku labu, gasitirini wake, homoni ya m'chifu yomwe timayeza m'magazi, ali pa 480 pg/mL pomwe munthu wosadya kanthu amayenera kukhala pansi pa 100. Dokotala wathu wachinyamata anayamba kale kutchula Zollinger-Ellison, matenda obwera ndi chotupa chomwe chimatulutsa gasitirini mosalekeza. Ine ndinangofunsa kuti bambo, mukumwa mankhwala anji? Omepurazolo, m'mawa ndi madzulo, chaka chonse.

Apa ndiye panali nkhani. Gasitirini amachokera kumunsi kwa chifu, chakudya chikalowa makamaka cha mapuloteni amauza chifu kuti thira asidi, ndiye asidi uja akachuluka mpaka pH, muyezo womwe umatsika asidi akamachuluka, kufika pansi pa 3, homoni ina yotchedwa somatositatini imamuletsa kuti basi zakwana. Omepurazolo amatseka asidi, chomuletsa palibe, gasitirini amangokwerabe ngati munthu woitana pakhomo pomwe sakuyankhidwa. Nambala yokwera payokha siuza kanthu, umayenera kudziwanso ngati m'chifumo asidi alimo. Chotupa chija timachitsimikiza gasitirini akapitirira 1000 koma pH ya m'chifu ili pansi pa 2. Ndiye tinagwirizana zowasinthira mankhwala kwa sabata kenako tiyezenso, koma mosamala, chifukwa ngati chotupa chilipodi kungosiyitsa omepurazolo mwadzidzidzi chilonda chitha kuboola.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali zamasiku onse, mafayilo ndi mzere.

Lachinayi mayi wina anabwezedwa ku sikani, ndulu sinaoneke bwino, kufunsa akuti anadya zokazinga ali pa mzere poti njala inawapweteka. Anakwiya ndithu koma sikuti a sikani amafuna kuzunza anthu ayi. Mafuta akangofika m'matumbo aang'ono mumatuluka homoni yotchedwa kolesisitokinini, ife timangoti CCK, iyeyu amafinya kathumba ka ndulu kuti kakhuthule, ndiye pa sikani kamaoneka kofwapa, miyala ya m'ndulu osaiona bwino. Nchifukwa chake timati musadye maola 6 mpaka 8. Ndipo ululu wawo wa pansi pa nthiti za kumanja womwe umabwera akadya zonona ndi CCK yemweyo, kathumba kakufinyira pa mwala. CCK amauzanso pankiriyasi, chiwalo cha kuseri kwa chifu, kutulutsa ma enzaimu ogaya chakudya, nkuchedwetsa chifu kuti chisatsanule zonse nthawi imodzi.

Lachisanu tinakambirana za bambo aja kuti nambala ikadzakhalabe pakatikati tidzatani. Pamenepo ndi poyeza pogwiritsa ntchito homoni ina yotchedwa sekiretini. Ntchito yake yeniyeni ndi yozimitsa asidi, pH ya koyambirira kwa matumbo ikatsika pansi pa 4.5 amauza pankiriyasi kuthira bayikaboneti, mchere wofooketsa asidi, ndipo kwa munthu wabwinobwino sakweza gasitirini. Koma ukamubaya mu mtsempha kwa munthu wa chotupa chija gasitirini amalumpha, kukwera ndi 120 pg/mL kapena kuposa m'mphindi zochepa. Vuto sekiretiniyo sapezeka wamba, ndiye tayamba ndi chapafupi, kuyeza pH ya m'chifu tsiku lomwe adzabwere kudzatengedwa magazi asanadye.