Masamu anandinamiza pa kayendedwe ka malume

Sabata yatha m'kalasi tinaphunzira za mlingo woyenera wolimbitsira thupi kwa munthu wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambirife timangoti bipi. Ndinapita kumudzi masamu ali m'mutu, ndipo ndinawayesera pa malume anga, a zaka 56, amene amamwa mankhwala a bipi tsiku ndi tsiku.

Masamuwo ndi osavuta. Umachotsa zaka za munthu pa 220, ndipo chotsalacho ndiye, mongoyerekeza, mlingo wapamwamba umene mtima wake ungagunde pa mphindi imodzi. Kwa malume ndi 164. Wodwala bipi safunika kuyandikira pamenepo. Amafunika mlingo wapakati, kuyambira 64 mpaka 76 pa 100 alionse a nambalayo, ndiye kuti kwa malume mtima uzigunda pakati pa 105 ndi 125. Tinawayeza bipi atapuma mphindi zisanu, inali 148/92, ndipo tinanyamuka. Ikanakhala 180/110 kapena kuposa, tsikulo likanakhala lokaonana ndi adokotala, osati loyenda.

Titayenda ndawala kwa kotala la ola ndinawagwira pamkono n'kuwerenga kugunda kwa masekondi 15. Ndinapeza 23, kuchulukitsa kanayi 92. Ndinawauza kuti, "Malume, onjezani liwiro, simunafike." Iwo anayankha modukizadukiza, mawu awiri, kupuma, mawu ena awiri. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti amodzi mwa mapiritsi awo ndi atenololo. Mankhwala amenewa amachepetsa kagundidwe ka mtima, choncho ngakhale thupi litagwira ntchito yolimba nambala siikwera monga ya m'buku. Ndikanaumirira 105, ndikanawatopetsa mopyola muyeso ndi masamu angawo. Manyazi anandigwira.

Chimene ndachimvetsa tsopano ndi chakuti mawu a munthu ndiwo muyeso wabwino, ndipo safuna wotchi. Ngati akuyenda n'kumatha kuyimba nyimbo yonse ya kwaya osavutika, akuyenda mwaulesi. Ngati akutha kucheza ziganizo zathunthu, mpweya ukuthamangirako, kathukuta kakutuluka, koma kuyimba sangathe, ndiye pomwepo. Akafika polephera kumaliza chiganizo, wapyola. Pa mlingo wapakatiwu, mphindi 30 masiku asanu pa sabata zimakwanitsa mphindi 150 zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse limalimbikitsa. Woyamba kumene akhoza kuzigawa, mphindi khumi m'mawa, khumi masana, khumi madzulo.

Malume anaseka nkhani ya kuyenda, ati iwo amalima komanso kunyamula matumba a chimanga. Kulima pang'onopang'ono kulibe vuto. Thumba la makilogalamu 50 ndiye nkhani ina. Munthu ponyamula chinthu cholemera amagwira mpweya n'kukakamira, ndipo nthawi imeneyo bipi imalumpha kwambiri. Ndinawapempha kuti azigawa thumbalo pawiri, ndipo azitulutsa mpweya pamene akukweza.

Pomaliza kuyenda osangoima dzii. Mitsempha imakhala itatseguka, magazi amatsikira ku miyendo, bipi n'kugwa, munthu chizungulire. Zimachitika kwambiri kwa amene akumwa mankhwala okodzetsa kapena mankhwala a bipi otchedwa amulodipini, makamaka dzuwa la Okutobala likamawomba. Ndi bwino kuchepetsa liwiro kwa mphindi zisanu, monganso poyamba, ndi kumwa madzi.

Zizindikiro zoimira pompo ndinawauza azakhali alipo, chifukwa malume ndi aja amati "zisiya zokha". Kupweteka kapena kulemera pachifuwa ngati wina waikapo mwala, makamaka kukamafalikira ku dzanja lamanzere, khosi kapena nsagwada, kukhoza kukhala mtima ukusowa magazi. Ena samva ululu ayi, amangotuluka thukuta lozizira ndi kuchita mseru. Kubanika kosafanana ndi ntchito imene ukugwira, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire, maso kuchita mdima, kapena mutu kupweteka mwadzidzidzi kuposa kale lonse, zonsezi ndi zoti ima, khala pansi. Kupweteka pachifuwa kukapitirira mphindi zochepa utapuma, kapena munthu akakomoka, pezani galimoto kapena njinga yamoto, ndipo asayende yekha wapansi. Pakamwa pakapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, mawu akayamba kusokonekera, imeneyo ndi sitiroko, ndipo ngakhale zitasiya pakapita kanthawi, akafike kuchipatala nthawi yomweyo.

Mawa lake tinayendanso, wotchi ili m'thumba. Ndinawafunsa za mitengo ya fetereza, ndipo anayamba kudandaula osadukiza chiganizo. Pa chikweza cha kuchigayo mawu anayamba kuduka, tinachepetsa liwiro mpaka dandaulo linayambiranso.