Zimene ndaphunzira polemba mawu a chikumbutso cha mnzathu wa kuntchito

Mawu a pachikumbutso si mbiri ya malemu imene imawerengedwa pamaliro. Kusiyanaku ndakumvetsa bwino teremu ino, pamene phunziro la kulankhula pagulu, ku kosi yamadzulo imene ndikuchita, linakumana ndi ntchito yeniyeni. Anzanga kusukulu kumene ndimaphunzitsa anandisankha kuti ndikawalankhulire povundukula chiliza cha aphunzitsi athu a masamu, patatha chaka chiwaikire m'manda ku Leopards Hill, kuno ku Lusaka.

Mbiri ya pamaliro imatsata zaka: anabadwira ku Katete, sukulu anaphunzira kwakuti, ntchito anayamba chaka chakuti, asiya mayi ndi ana angati. Pofika pachikumbutso anthu zonsezo anazimva kale, ndipo zina zalembedwa pamwala womwe akuuyang'anawo. Chimene wa kuntchito ali nacho, chomwe abale alibe, ndi chaka chathunthu chogwira ntchito malemuwo palibe. Mawu ake ayenera kuchokera m'chaka chimenecho.

N'chifukwa chake funso lofunsa anzako posonkhanitsa nkhani silikhala lakuti "anali munthu wotani?" Ukafunsa choncho, aliyense amayankha kuti anali wabwino, wolimbikira, wokonda anthu. Ndi zoona, koma mawu amenewo angayenere aliyense amene agone kumanda a Chingwere kapena a Chunga. Ine ndinkafunsa kuti, "Chinaima n'chiyani iwo atatisiya?" Mlonda anati Loweruka makiyi a kalasi ya giledi 9 palibenso amawapempha. Mphunzitsi wachinyamata amene anatenga makalasi awo sanayankhe, anangotsegula kabati n'kundipatsa buku lachikuto cholimba.

Nkhani ya bukuli inayamba mu Januwale 2022, boma litachotsa fizi m'sukulu zake. Ana anabwera ambiri, ena okhala atatuatatu padesiki la anthu awiri, ena oti anakhala pakhomo zaka zingapo. Kuchonga makope onse tsiku ndi tsiku kunakanika. Malemu anayamba kupereka mafunso asanu okha Lachisanu lililonse, papepala limodzi. Pochonga sankalemba m'bukumo malikisi a mwana ayi. Ankalemba pamene mwanayo wapunthwira: uyu amasokonezeka pobwereka akamachotsera, uyu amaphatikiza manambala a pansi pa mafulakishoni ngati a pamwamba, uyu akaona manambala awiri a negetivu amataya chizindikiro. Lolemba ankakhazika ana motsatira cholakwa chawo, osati motsatira nzeru, kotero kuti mzere umodzi unkamva kufotokoza kumodzi kowayenera onse. Mnzathu wachinyamata uja anayesa kupitiriza, koma patatha teremu imodzi analeka. Anati ntchitoyo imadya madzulo onse a Lachisanu ndi theka la Loweruka, ndipo sanadziwe kuti munthu ankaichita bwanji osadandaula ndi kamodzi komwe mu sitafurumu.

Nkhani imodzi imeneyi inanyamula ntchito ndi khalidwe pamodzi. Sindinafunikenso kunena kuti anali oleza mtima ndi ana ochedwa kumva. Wakumva za mzere wa ana a mafulakishoni amadziwira yekha.

Panali nkhani ina yabwino, ya 2024, pamene kolera inachititsa kuti sukulu zimene zinkayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale zitsegulidwe pa 12 Febuluwale, malemu n'kukonzanso dongosolo lonse la giledi 9 kuti masabata asanu otayikawo asagwetse ana pamayeso. Ndinaisiya. Wa kuntchito amapatsidwa mphindi zisanu, pakati pa oimira banja ndi a mpingo, anthu ataimirira padzuwa, agogo ena atakhala pa zitenje pansi. Mphindi zisanu za Chichewa cholankhula modekha ndi masamba awiri olemba pamanja, osapitirira. Nkhani ziwiri m'malo otero zimaphana.

Chovuta kwambiri chinali ukali wawo. Malemu ankakalipa, ndipo onse obwera ku chikumbutso ankadziwa, kuyambira ana awo mpaka ahedi. Ukabisa zotere anthu amayang'ana pansi, ndipo zonse zimene unene pambuyo pake sazikhulupiriranso. Ukazinena mosasamala, wanyoza munthu amene sangadziyankhire, pamaso pa mkazi wake. Njira imene ndinaiona yoyenera ndi kunena chimene ankakalipira, ndi amene sankamukalipira. Ndinalemba motere:

"Amayi, inu a kubanja, ife a kuntchito sitibisa: bambowa ankatikalipira. Ukachedwa kulowa m'kalasi belu litalira, ankakupeza. Ukabweza makope osachonga, ankakupeza. Koma mwana wolephera samu sanamukalipirepo. Ameneyo ankamulemba m'buku, Lolemba n'kumukhazika kutsogolo."

Anthu anaseka pa "ankakupeza" wachiwiri uja, ndipo amayi anagwedeza mutu. Kuno ku Lusaka kuseka pamanda si chachilendo, poti a Chibemba ndi ife a kum'mawa timachita chimbuya, kupakana ufa ndi kunyozana mwanthabwala ngakhale pamaliro. Koma nthabwala za chimbuya zili ndi eni ake. Woimira ntchito asazibwereke. Kuseka kumene iye angadzutse ndi kwa anthu ozindikira munthu wawo m'mawu amene akumva.

Ndisanakalankhule ndinapita ndi pepalalo ku Matero kukawawerengera amayi, akazi a malemu, ndi malume ake a malemuwo. Izi m'buku lathu la kosi mulibe, koma ndaona kuti n'zosalumphika. Zina umadziwiratu kuti si zako kunena: matenda amene anawatenga, ndalama za penshoni ngati zatuluka kapena ayi, za nyumba ndi katundu. Zina sungazidziwe popanda kufunsa. Pali chiyamikiro chimene timachimva pafupifupi pamaliro a mphunzitsi aliyense, chakuti anapereka nthawi yake yonse ku sukulu. Amayi anapempha kuti chimenecho chisanenedwe. "Aphunzitsi," anatero, "Loweruka limene mukuliyamikiralo, ana anga ndi amene ankalisowa." M'malo mwake tinagwirizana kuti ndithokoze banja, ndi kutchula poyera kuti Loweruka lija sukulu inachita kubwereka kwa iwo.

Malume anakumbutsanso za malonjezo. Pamaliro a kuntchito timalonjeza zambiri, kuti banjali sitidzalitaya, ndipo pakatha chaka abale amakumbukira liwu lililonse. Pachikumbutso usalonjeze zatsopano. Nena zimene zachitika, ngakhale zichepe. Ife tinali titasonkha za yunifolomu ndi mabuku a mwana womaliza, ndipo ndinanena zomwezo m'chiganizo chimodzi, osatchula ndalama zake.

Pamfundo imodzi ndikusiyana ndi aphunzitsi a kosi yathu. Iwo amati zolankhula zilizonse zithe ndi kubwereza mfundo zazikulu, kenako mawu amphamvu oti anthu apite nawo. Pamsonkhano wa makolo zimenezo zimagwira. Pamanda ayi, chifukwa mawu otsiriza si a wa kuntchito. Otonthoza ndi abusa, ndipo oyamika anthu ndi mwini mbumba. Ukayamba kutseka mwamphamvu umapezeka ukulalikira ulaliki wa eni ake, iwo ali chiimire pambali ndi Baibulo m'manja. Ine nditamaliza za yunifolomu ndinapereka buku lija kwa mwana wawo woyamba, monga tinapanganirana ndi ahedi titajambula masamba ake kuti atsale kusukulu, ndinathokoza a kubanja potilola kulankhula, n'kubweza maikolofoni kwa woyendetsa mwambo.