Mzere watsika pomwe pali amalume

Mphwanga wandikwiyitsa lero, mpaka pano mtima sunakhale pansi. Anabwera kuchokera ku Chinamwali ndi madandaulo ake aja, akuti YouTube imadana naye, vidiyo yake yokwera phiri la Zomba mpaka ku dzenje la Chingwe anthu sakuiona pomwe anaivutikira. Ndinati tatsegula YouTube Studio pa laputopu, pita pa vidiyoyo, Analytics, kenako Engagement, tione girafu. Iye ankangoyang'ana chiwerengero cha oonera basi, mzere umenewu anali asanauyang'anepo bwinobwino.

Mzerewo ndi wosavuta. Kumanzere ndi poyambira vidiyo, kumanja pothera, ndipo kutalika kwake pa sekondi iliyonse kukuuza kuti mwa anthu 100 omwe anatsegula, ndi angati ankaona malo amenewowo. Kutsika pang'onopang'ono si nkhani, vidiyo iliyonse imatero. Chofunika ndi pomwe wagwa mwadzidzidzi.

Wake unagwa koyambirira penipeni. YouTube imakuuza yokha kuti pa masekondi 30 patsala anthu angati, ndiye iye anali atataya oposa theka. Tinaonera masekondi amenewo. Dzina la tchanelo likuzungulira ndi nyimbo, kenako moni abale ndi alongo, kenako musaiwale kusabusikiraiba, ali chiimire pa depoti. Koma chithunzi chomwe munthu anadina chikuonetsa dzenje! Dzenjelo likuoneka pa 6:40, ndipo pamenepo mzere wakwera ngati kachulu, kusonyeza kuti ena analumphira pomwepo, ena anabwereza. Ndinamuuza kuti ulendo wina ayambe ndi kudzenjeko, masekondi asanu okha, anene kuti tikupita apa, moni abwere pambuyo.

Apa anandigwira ndi funso labwino, sindikana. Akuti achimwene, linki ndinaitumiza m'magulu a WhatsApp, anthu amatsegula n'kutseka kuopa bandulo, ndiye mlandu wanga uli pati? Zoona, zimenezo zimagwetsa koyambirirako. Ndiye tinaona kumene oonera achokera, ambiri analidi a WhatsApp. Komabe tinayerekeza ndi mavidiyo ake ena otalika mofanana, omwe anawatumiza m'magulu omwewo, ndipo iyiyi inali pansi pa anzake. Bandulo ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, ndiye chasiyana ndi chiyambi chake.

Koma mkangano weniweni unali pa 3:10. Mzere watsika, wayenda pansi masekondi 40, kenako wakweranso kufika pafupi ndi pomwe unali. Iye akuti anthu athawa. Ayi, wothawa sabwerera, mzere ukanakhala pansi pomwepo mpaka kumapeto. Ukatsika n'kukweranso ndiye kuti anthu akadalipo, angolumpha kachigawo komwe kawatopetsa. Tinadina pamenepo, ndi amalume athu. Aima pafupi ndi galimoto yawo ku damu la Mulunguzi, mphwanga akuwathokoza potibwereka galimoto, akutchula ndi bizinesi yawo yomwe, iwo akungomwetulira osayankhula kanthu.

Ndinati dula. Mu Editor ya YouTube Studio muli Trim & cut, umachotsa chigawo chapakati osakwezanso vidiyo, linki ndi oonera zimakhala momwemo. Kuthokozako kulembe m'munsi mwa vidiyo, kapena kukhale kwa masekondi atatu galimoto ikuyenda. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti achimwene, amalume anaionetsa kale kwa anzawo akutchalitchi, mawa atsegule apeze palibe, galimoto ija tidzaionanso? Ndinati iwe, ukupangira amalume kapena oonera? Akuti oonera sanandipatsepo mafuta.

Ndinasowa choyankha, nanga ndikanati chani. Ineyo zimandiwawa ndikaona umboni uli poyera chonchi munthu n'kumati ndamva koma sindichita, mwina ndi chifukwa chake ndinakweza mawu kuposa momwe nkhaniyo inalili, kaya ndi njala, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa ndipo laputopu inali pafupi kufa.

Tinaona mwachangu kugwa komaliza. Pa 7:30 wanena kuti pomaliza abale anga, mzere wagwa osadzukanso, chikhalirecho patsala mphindi ndi theka zomwe muli malo okongola kwambiri, chigwa cha Shire chikuonekera kumunsi. Ukangolengeza kuti watha anthu amanyamuka. Ichi anavomera msanga, akuti mawu amenewo sadzawanenanso, azingomaliza basi.

Za amalume wapita osadula. Akuti vidiyo yotsatira ya ku Nyanja ya Chilwa ayesa chiyambi chatsopanocho, ndamuuza asathamangire kuweruza chifukwa girafu imatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti ioneke, komanso oonera akachepa mzere umangodumphadumpha osatanthauza kanthu. Koma ku doko la Kachulu apita pa galimoto ya ndani, sindinafunse dala.