Masiku asanu ndikuyang'ana mzere umodzi pa foni

Achemwali anga amene amagwira ntchito ku Leeds anatitumizira phukusi mu Novembala 2024. Munali nsapato za ana mapeya anayi, jekete yanga ndi chikwama cha mayi athu. Analipereka ku kampani ina yonyamula katundu pandege, ine n'kunditumizira nambala yolondolera pa WhatsApp. Masiku oyamba ndinkati ndikalowetsa nambalayo pa tsamba la kampaniyo, ndinkapeza phukusi lasuntha: lachoka ku Mangalande, ladutsa ku Johannesburg, lafika ku Lilongwe. Kenaka linaima pa mzere uwu:

```
Held at customs - pending clearance
```

Ndinadikira masiku asanu, m'mawa uliwonse kutsegula foni n'kupeza mawu omwewo. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti katundu walandidwa. Apo ndi pamene ndinalakwitsa. Mawu amenewo sakutanthauza kulanda. Akungonena kuti phukusi lili m'manja mwa a kasitomu a bungwe lotolera msonkho la MRA ndipo silinaomboledwe. Chimene satchula n'chakuti likudikira chiyani, ndipo kawirikawiri likudikira iweyo mwini wake.

Tsiku limodzi kapena awiri si nkhani, poti katundu aliyense wolowa m'dziko amadutsa pamenepo, ndipo ngati wafika chakumapeto kwa sabata amagona. Koma mzerewo ukakhala osasintha masiku atatu ogwira ntchito, usadikirenso. Yang'ana tsiku limene mawuwo analembedwa, osati mawu okha, kuti udziwe masiku amene phukusi lakhala pamenepo.

Ndinaimbira kampani yonyamulayo, osati a MRA, chifukwa phukusi lobwera motere amene amalilembetsa ku kasitomu ndi kampaniyo kudzera mwa ejenti wake. Ndinatchula nambala ija, mayi amene anayankha nati, "Bambo, takhala tikukuimbirani kuyambira Lachiwiri, nambala yanu siikupezeka." Achemwali analemba pa bokosi nambala yanga yakale, imene ndinataya chaka chatha.

Funso limene linandithandiza ndi ili: "Chikusoweka n'chiyani, pepala, ndalama kapena chilolezo?" Ukangofunsa kuti katundu wanga atuluka liti, akuyankha kuti akadali ku kasitomu, zimene ukuzidziwa kale. Nkhani ya chilolezo ndiyo yotenga nthawi: mankhwala amafuna chilolezo cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, zida zina za mauthenga zimafuna a MACRA, mbewu zimafuna chikalata cha a zaulimi. Mwamwayi mwanga munalibe zimenezo. Changa chinali pepala.

Pa fomu imene imamatidwa pa bokosi, achemwali analemba liwu limodzi lokha, `Gift`, n'kuika mtengo wa mapaundi 10. Anachita izi pofuna kundithandiza kuti ndisalipire zambiri. Koma taganizani bokosi lolemera makilogalamu asanu, lolipiridwa mapaundi 60 pa ndege, eti katundu wake ndi wa mapaundi 10. Ndani angakhulupirire? Komanso mphatso si dzina la katundu. A kasitomu amaika chinthu chilichonse m'gulu lake lokhala ndi nambala yake, ndipo msonkho umachokera pa gululo. Nsapato zili kwake, zovala kwake, zikwama kwake. Kulemba kuti mphatso sikuchotsa msonkho pakokha, kumangosiya wogwira ntchitoyo alibe poyambira.

Usiku womwewo ndinaimbira ku Leeds. "Achemwali, malisiti a zinthu zija muli nawo?" Anaseka kaye, nati ndani amasunga malisiti a nsapato za ana. Mwamwayi zambiri anagula pa intaneti, ndiye anafufuza mu imelo napeza. Jekete anagula m'sitolo, koma panali umboni wa ku banki wosonyeza ndalama imene inachoka. Zonse pamodzi zinakwana mapaundi 120. Ndinalemba mndandanda papepala limodzi, chinthu chilichonse pa mzere wake, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, n'kutumiza kwa ejenti pamodzi ndi malisitiwo, risiti ya ndege ndi chithunzi cha chiphaso changa cha unzika. Dzina la pa chiphaso liyenera kufanana ndi la pa bokosi. Akakulemba dzina lapakhomo limene amakutchula abale, konzekera kulongosola kuti ndiwe yemweyo.

Mawa lake kunabwera pepala losonyeza msonkho, ndipo ndinakhala kaye pansi. Ine ndinkawerengera pa mapaundi 120 okha. Ayi ndithu. Mtengo umene a kasitomu amagwiritsa ntchito ndi wa katundu kuphatikiza ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi ngati ilipo. Kwa ine zinali 120 ndi 60, kukhala mapaundi 180. Amasintha kupita ku kwacha potengera mtengo wovomerezeka, osati wa anyamata osintha ndalama m'misewu, ndipo nthawi imeneyo paundi inali cha m'ma K2,200. Ndikazungulitsa manambala, zinafika pa K396,000.

Pa ndalama imeneyo anaika msonkho wolowetsera katundu wa 25 peresenti, womwe ndi K99,000. Chimene anthu ambiri sachidziwa chili pa VAT. Siiwerengedwa pa K396,000 yokha, koma pa ndalamayo ataphatikiza kale msonkho woyamba uja, ndiye kuti pa K495,000. Nthawi imeneyo VAT inali 16.5 peresenti, yomwe inatuluka K81,675. Zonse za boma zinakwana K180,675, pafupifupi theka la mtengo wa phukusi ndi ulendo wake. Pansi pake panali ndalama ina ya kampani, yogwirira ntchito yoombola ndi yosungira masiku aja ndinkangoyang'ana foni. Imeneyo si msonkho, ndipo ndi bwino kupempha kuti ailembe payokha kuti udziwe ikupita kwa yani.

Apa mpamene pamafunika kuganiza modekha, chifukwa si phukusi lililonse loyenera kuombola. Ukaona kuti mtengo umene aika ndi wokwera kuposa umene unagulira, ukhoza kupereka malisiti n'kupempha kuti aunikenso, ndipo ndi bwino kutero usanalipire. Ukaona kuti msonkho waposa phindu la katunduyo, funsa kampani za kubweza kwa wotumiza, ngakhale ulendo wobwererawo ulinso ndi mtengo wake. Choipa kwambiri n'kungokhala chete, poti ndalama yosungira imakwera tsiku ndi tsiku ndipo katundu wosaomboledwa amatha kugulitsidwa pa okushoni. Ine ndinawerengera mtengo wa nsapato zoterozo m'masitolo a mu Lilongwe, ndinaona kuti kuombola kuli bwino.

Pali china chimene ndiyenera kutchula. M'masiku omwewo mnzanga wina analandira uthenga pa foni wonena kuti phukusi lake lagwidwa, atumize ndalama ku nambala ya munthu kuti alimasule. Iye sanali kuyembekezera phukusi lililonse. Msonkho weniweni umabwera ndi pepala lokhala ndi nambala ya kalembera wa kasitomu, ndipo ukalipira umalandira risiti. Ine ndinalipira ku akaunti ya kampani ku banki, ndipo ndisanatumize ndinaimbanso pa nambala yolembedwa pa tsamba lawo kutsimikiza kuti akauntiyo ndi yawodi.

Ndinalipira Lachitatu m'mawa. Lachinayi masana mzere uja unasintha:

```
Released from customs
```

Lachisanu ndinakatenga ndekha ku ofesi yawo. Bokosi linali lotsegulidwa n'kumatidwanso ndi tepi ina, chizindikiro choti analiyang'ana m'kati. Ndinalitsegula pakauntala pomwepo ndisanasaine, mndandanda wanga uja uli m'manja, n'kuwerenga chimodzichimodzi. Mapeya anayi, jekete, chikwama. Nsapato za wamng'ono zinapezeka zomuthina, moti pano akuvala ndi msuweni wake.