Loweruka pa bolodi: ndani ali ndi sitepe yomaliza?

Lero masana onse athera pa drafuti, pakhonde la telala wina kumsika kwathu. Masiku ambiri timasewera ya kingi wouluka, koma lero madala ena omwe amakonda malamulo a ku Britain ndi ku America anatipempha kuti tisewere yawo. M'malamulo amenewo kingi amayenda bokosi limodzi basi, kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo kudya n'kokakamiza. Kingi akakhala wa mwendo waufupi chonchi, mapeto a masewera amasanduka nkhani yowerenga masitepe, ndipo ine mbali imeneyi ndiyo imandikoka mtima kuposa misampha yonse ya pakati pa masewera.

Bolodi ya madalawa ili ndi manambala olembedwa ndi bolopeni m'mabokosi 32 omwe timasewerapo. Mzere wa kwawo kwa zakuda ndi 1 mpaka 4, wotsatira 5 mpaka 8, choncho mpaka mzere wa kwawo kwa zoyera, 29 mpaka 32. Ngodya ziwiri zili ndi mabokosi awiriawiri: 1 ndi 5 uku, 28 ndi 32 uko. Zinazo, 4 ndi 29, zili ndi bokosi limodzi lokha.

Mphwanga ndiye anayamba kukhala pampando, atagwira zoyera. Zitsekerero zinadyana mpaka aliyense anatsala ndi kingi mmodzi: wake pa 19, wa madala pa 11. Makingiwa anayang'anizana, pakati pawo palibe kanthu, ndipo woyenda anali mphwanga. Kupita kutsogolo kunali kudzipereka, chifukwa pa 15 ndi pa 16 pomwe akanadyedwa. Anabwerera pa 23, madala n'kutsatira pa 15. Apa anali akadali ndi moyo, koma anayenda 23-26. Madala sanachedwe: 15-18. Mnyamata analowa pa 31, iwo n'kuima pa 23, basi zatha. Akatulukira pa 27 adyedwa, akatulukira pa 26 adyedwanso.

"Koma madala, tinali mmodzi mmodzi," anadandaula motero.

"Iwe, unawerenga makingi, sunawerenge masitepe," anamuyankha akubwezera zitsekerero pa 19 ndi pa 11.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Mizere isanu ndi itatu ya bolodi imagawidwa pawiri modumphitsa. Ya zakuda ndi 1-4, 9-12, 17-20 ndi 25-28. Ya zoyera ndi 29-32, 21-24, 13-16 ndi 5-8. Ikakhala nthawi yako yoyenda, ndipo zitsekerero zili zofanana mbali zonse, werenga zonse zimene zili m'mizere yako, zako ndi za mnzako pamodzi. Zikakhala 1, 3, 5, kutanthauza nambala yosagawika pawiri, sitepe yomaliza ndi yako: mukakumana maso ndi maso, wopatuka akhala mnzakoyo. Zikakhala 0, 2, 4, wopatuka ndiwe. Chifukwa chake chili poyera. Sitepe iliyonse imachotsa chitsekerero chimodzi m'mizere ya uyu n'kuchiika m'mizere ya uyo, ndipo nthawi yomweyo woyenda amasintha. Ndiye ngakhale muzungulire bolodi yonse, mwini sitepe yomaliza sasintha pokhapokha wina atadya.

Pa masewera a mphwanga, 19 ndi 11 onse ali m'mizere ya zakuda. M'mizere yake munalibe kanthu, kutanthauza kuti sitepe inali ya madala. Munthu akadziwa zimenezo amasiya maloto opambana n'kuyamba kuyang'ana kothawira, ndipo kothawirako ndi ngodya ya mabokosi awiri. Akanayenda 19-24, kenako 24-28, bwenzi akungosinthasintha pakati pa 28 ndi 32, ndipo kingi mmodzi sangamutsekere mmenemo. Ngakhale ali pa 23 paja, njira ya 27 kenako 32 inali yotsegula. Sitepe ya 23-26 ndi imene inamuchotsa ku ngodya yomupulumutsa.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amati ukakhala ndi sitepe wapambana kale. Sitepe imangokuuza amene adzapatuke. Funso lachiwiri n'lakuti wopatukayo akankhidwira kuti. Ikani kingi woyera pa 18, wakuda pa 10, woyenda akhale wakuda. Sitepe ndi ya woyera, koma wakuda ayenda 10-6, kenako 6-1, ndipo wafika kwawo kwa 1 ndi 5. Mwalepherana. Asunthireni onse bokosi limodzi, woyera pa 19, wakuda pa 11, woyenda akhale wakuda yemweyo. Tsopano akayesa kulowera ku ngodya ija ndi 11-7, woyera aima pa 15. Akapitiriza 7-2, woyera aima pa 10, ndipo bokosi 6, lomwe ndi khomo lolowera pa 1, latsekedwa. Bokosi limodzi lokha lasiyanitsa kulepherana ndi kupambana.

Dzuwa litapendeka ndinakhalapo ine, nditagwira zoyera, ndipo tinafika pa malo omwe ndawalemba m'kope kuti ndisawaiwale. Makingi anga anali pa 23 ndi 28, a madala pa 15 ndi 3, woyenda ine. Ndinawerenga m'mizere yanga: 23 alimo, 15 alimo, pomwe 28 ndi 3 ali m'mizere yawo. Ziwiri. Sitepe sinali yanga, ndipo zinkaonekeratu poti 15 anali atandiima pamaso pa 23.

Njira yosinthira sitepe ndi kusinthana. Ndinapereka 23-19. Madala anakakamizika kudya kuchoka pa 15 kufika pa 24, ine n'kubwezera kuchoka pa 28 kufika pa 19. Tinatsala mmodzi mmodzi, wanga pa 19, wawo pa 3, woyenda iwo. M'mizere yawo munali ziwiri, 3 ndi 19, choncho sitepe inali itabwera kwa ine. Anayenda 3-8, ine 19-16. Kenako anachita chinthu chimene chimagwetsa ambiri: 8-12. Kingi wawo anatsamira m'mphepete momwe sindingamudye, uku akuopseza kundilumpha kupita pa 19. Mtima umafuna kuthawira kumbuyo, koma yankho lili kutsogolo: 16-11. Kuchokera pa 12 anali ndi mabokosi awiri okha, 8 ndi 16, ndipo onse anali pakamwa pa 11. Anagwedeza mutu n'kundipatsa dzanja.

Mphwanga anafunsa ngati kusinthana kulikonse kumatembenuza sitepe. Ayi. Yang'ana mabokosi amene zitsekerero ziwiri zodyedwazo zachotsedwapo. Changa chinadyedwa pa 19, mzere wa zakuda. Chawo pa 24, mzere wa zoyera. Zikachoka m'mizere yosiyana chonchi, sitepe imasintha mwini. Zikachoka zonse m'mizere ya mbali imodzi, zomwe zingachitike pokhapokha wobwezera atadya chitsekerero china osati chimene chinadya chija, sitepe imakhala pomwe inali. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenganso usanapereke, poti ngati sitepe inali yako kale, kusinthana kwa mtundu woyambawo kumaipereka kwa mnzako.

Tisanabalalike, mnyamata wina anafuna kuyesa kawerengedweka pa malamulo athu a masiku onse. Sikanagwire. Kingi wouluka amatha kuyenda bokosi limodzi, awiri kapena kuposa apo mmene wafunira, ndiye amasankha yekha mzere woti aimepo, ndipo kuwerenga kumasokonekera pomwepo. Kamathandizabe pamene patsala zitsekerero wamba zokhazokha zoyang'anizana, popeza izo zimayenda bokosi limodzi m'malamulo onse awiri, koma mmodzi akangolowetsa kingi, kuwerengako kwathera pomwepo.