Mizere isanu ndi umodzi yomwe inasefukira patsamba lachiwiri

Sabata yatha ndimakonza CV yanga yofunsira ntchito, ndipo mizere isanu ndi umodzi inasefukira patsamba lachiwiri. Inali mizere ya maina a anthu ondichitira umboni. Poyamba ndinatsitsa zilembo kuchoka pa 11 kufika pa 9, zonse n'kukwana. Koma nditasindikiza, mayi anga aang'ono, omwe anagwirapo ntchito yolemba anthu, anaiyang'ana motsinzinira maso n'kunena kuti, "Mwanangu, munthu wokhala ndi mulu wa makalata patebulo sangavutike ndi tizilembo ngati nyerere." Ndinabwezera pa 11, ndikuyamba kufunafuna malo kwina.

Malo ambiri ndinawapeza pomwe sindimayembekezera. Mu Word, nditatsegula Layout kenako Size, ndinaona kuti pepala langa linali pa Letter, osati A4. Letter ndi yaitali masentimita 27.94 pomwe A4 ndi 29.7. Kusiyana kwake n'kosakwana masentimita awiri, koma pa zilembo za 11 mzere umodzi umadya pafupifupi theka la sentimita. Nditangosankha A4, mizere itatu inabwerera yokha. A4 ndi yopapatiza pang'ono, choncho ndinayang'ananso ngati pali chiganizo chomwe chathyokera pamzere watsopano. Ndiponso pepala lomwe timasindikizira kuno ndi A4 yomweyo, kusonyeza kuti nthawi yonseyi ndimayeza CV yanga ndi muyeso wolakwika.

Itatu yotsalayo inafuna cholembera. Ndinafufuza ziganizo zomwe mawu amodzi okha amagwera pamzere wakewake, chifukwa mawu amodziwo amatenga mzere wathunthu. Ndinapeza ziwiri. Chimodzi chimanena kuti ndinali ndi udindo woyang'anira ntchito yosunga marekodi a katundu mwezi uliwonse. Ndinangolemba kuti ndimasunga marekodi a katundu mwezi uliwonse. Tanthauzo silinasinthe, ndipo kunena zoona chimamveka champhamvu kuposa kale. Chinacho ndinachidula chimodzimodzi. Mzere womaliza ndinaupeza pamwamba, poika nambala ya foni ndi imelo pamzere umodzi.

Panalinso njira ina yomwe ndinaisunga pambali. Word imasiya mpata wa 8 pt, muyeso womwewo woyezera kukula kwa zilembo, pansi pa ndime iliyonse, ndipo umasinthidwa pa After mu Paragraph. Ndime zikakhala makumi awiri, kuutsitsa kufika pa 4 kumabweza mizere pafupifupi isanu. Koma nditayesa 0, mitu ya Maphunziro ndi Ntchito inamatirirana ndi zapamwamba pake, diso osadziwanso poyambira.

Pomaliza ndinasunga CV yanga ngati PDF, chifukwa fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda mtundu wa zilembo zomwe ndinasankha, mizere imasuntha ndipo tsamba lachiwiri limatha kubweranso. Ndinasiyanso mpata wa mzere umodzi pansi, kenako ndinasindikiza n'kuwapatsa mayi aang'ono aja. Anawerenga mpaka dzina lomaliza.